Mnzanga amayi ake atisiya, ndimulembere chiyani mwachidule?

Yamikani: Moni akuluakulu. Ndithandizeni msanga. Mnzanga wa kuntchito walengeza m'mawa uno kuti: "Amayi anga okondedwa atisiya usiku wapitawu atadwala nthawi yaitali. Tikawaika Lachinayi kumudzi ku Ntcheu." Ndalemba mawu awa koma sindinatumize, mtima ukukana:

"Aise, ndamva kuti mayi ako afa. Chachitika n'chiyani, amadwala chiyani? Limba mtima, usalire, zonse ndi chifuniro cha Mulungu, ali pamalo abwino tsopano. Inenso agogo anga atamwalira ndinavutika, ndiye ndikudziwa mmene ukumvera. Mzimu wake uwutse mumtendere. Ukafuna chilichonse undiuze."

Pali cholakwika?

Tiyamike: Watalikitsa achimwene. Lemba RIP kapena MHSRIP basi. Aliyense amatero.

Anaphiri: Mwanawanga Yamikani, wachita bwino kusatumiza. Mtima wako ndi wabwino, koma mawuwo akafika kwa mnzakoyo akamubaya m'malo angapo. Ndiyambe ndi loyamba lenileni, "afa". Kholo la munthu sitinena kuti lafa pamaso pa mwana wake. Nkhuku ndiyo imafa, moto ndiwo umafa. Munthu amamwalira, amatisiya, ndipo akuluakulu amati watsamira mkono. Usavutike kusankha. Mwini wake walemba kuti "atisiya", iwenso tenga mawu omwewo. Wofedwa akasankha liwu, ndiye kuti ndi limene mtima wake wakwanitsa kunyamula tsiku limenelo.

Chachiwiri ndi mafunso awiri aja. Fufuta onse. Banja likanena kuti "atadwala nthawi yaitali" kapena "atadwala kwa nthawi yochepa", ndiye kuti lanena zonse zimene likufuna kuti anthu adziwe. Ukafunsa matenda, ukumupatsa ntchito yoti akuyankhe, ndipo mwina ndi matenda amene banja silifuna kuwatchula. Taganiza zimene akuchita mnzakoyo lero. Thupi lili kumotchale, akufuna bokosi, akusaka galimoto yopita ku Ntcheu, akuimbira amalume ndi azakhali, kumudzi akufunsa za ufa, ndiwo ndi nkhuni zoti anthu ochezera awothe. Foni yake ikulira osaleka. Uthenga wako adzauwerenga ataimirira, mwina ali m'galimoto. Ukhale woti akauwerenga asakhale ndi ngongole yoyankha.

Aphunzitsi Mwale: Ine ndikonze Chichewa chokha, zina ndisiyire Anaphiri. Pa "mzimu wake uwutse" pali zolakwika ziwiri. Kuusa ndi kupuma, kuutsa ndi kudzutsa. Mukalemba "uwutse" mwapempha kuti mzimuwo udzutse anthu, zimene simukufuna. Lembani "uuse" kapena "uwuse", popanda t. Cholakwikachi chafala moti ambiri sachionanso, koma mwa achibale amene adzawerenge sipadzalephera kukhala wina wochiona.

China ndi "wake". Kwa kholo la mnzanu ndi "wawo". Chimodzimodzi "mayi ako" ikhale "amayi". Mnzanuyo mukhoza kumamutchula kuti iwe tsiku lililonse, koma ulemu wa pauthengawu suli kwa iye yekha, uli kwa malemu ndi kwa banja.

Tiyamike: Koma aphunzitsi, munthu amene timati "iwe" tsiku lililonse, lero n'kumuuza "pepani", sizimveka ngati tayambana?

Aphunzitsi Mwale: Funso labwino achemwali. Mukamulembera iye yekha, kumbali, "pepa mnzanga" ndi wabwino, ndipo mwina ndi wofunda kuposa "pepani". Koma mawu amene achibale ake adzawaonenso, "pepani" amagwira ntchito ziwiri: ndi ulemu, komanso ndi kuchulukitsa, chifukwa ofedwa ndi ambiri. Mukhoza kuphatikiza, "Pepani achimwene anga", ubale uli pomwepo, ulemu uli pomwepo. Chimene sindingalole ndi "aise". Ameneyo msungeni mpaka mudzakumane pa bawo.

Madalitso wa ku Joni: Ine ndikuona ngati tikutaya nthawi ndi galamala. Chipepeso ndi ndalama. Munthu akufuna bokosi ndi mafuta a galimoto, mawu sagula zimenezo. Lemba kuti "pepani, nambala yanu ya Airtel Money kapena Mpamba ndi iti", utumize kangachepe, nkhani yatha. Kuno maliro akachitika timasonkha choncho, makamaka ngati thupi likupita kumudzi.

Bambo Mbewe: A Madalitso, theka mwalondola. Maliro n'kulirana, ndipo kulirana kwake kumafuna dzanja m'thumba. Koma funso la a Yamikani ndi la mawu, ndipo mawu ndi ndalama siziyenda m'chiganizo chimodzi. Mukafunsa nambala pamaso pa anthu, pachitika ziwiri. Wofedwa aoneka ngati akupemphetsa, ndipo akuba amene amalondola mauthenga a maliro apeza mpata woponya nambala yawo, n'kumati ndi ya mchemwali wa malemu.

Ndondomeko yake ndi iyi. Mawu apite kaye okha. Kenaka, kumbali, funsani kuti banja lasankha ndani wolandira chipepeso, chifukwa kawirikawiri si mwana wa malemu amene amasunga, amasankha wina amene ali ndi kope. Potumiza, yang'anani dzina la mwini nambala kuti ndi lomwe mwauzidwa. Onjezani pang'ono ya kutapira, kuti ngati mumafuna apeze K10,000 asapeze yoperewera. Mukatero lembani mzere umodzi wonena kuti ndalamayo ndi ya yani, chifukwa pamwambo zipepeso zimawerengedwa, ndipo ikalowa yopanda dzina imasokoneza wolemba. Ngati ndi ya kuntchito, sonkhani pamodzi ipite m'dzina la ogwira ntchito anzake.

Koma tibwerere ku mawu. Ine chimene chandikhudza ndi "usalire".

Anaphiri: Eya abambo, ndimabwera pomwepo. Ukalowa m'nyumba ya siwa, anthu amene abwera kudzakhuza maliro samuuza namfedwa kuti asalire. Amakhala pansi n'kulira naye. Ndiye mawu olembedwa asachite zosiyana ndi zimene miyendo yako ikanachita. "Usalire" amamveka ngati ukumuletsa, ndipo kwa mwana wamwamuna amene aliyense akumuuza kale kuti "ndiwe mwamuna, limba", ndi katundu wina pamwamba pa katundu.

"Limba mtima" sindikumutayiratu, ndi mawu athu. Koma atembenuze akhale pemphero, asakhale lamulo. "Mulungu akulimbitseni mtima" ndi "limba mtima" zikusiyana. Loyambalo likuvomereza kuti mphamvu alibe, lachiwirilo likumutuma kuti akazipeze yekha.

Za agogo ako chotsa. Sikuti n'zabodza, koma pa mizere itatu palibe malo a maliro awiri. Ukangotchula ako, mnzakoyo aona kuti iyenso akuyenera kukupepesa. Ndipo "ndikudziwa mmene ukumvera" sungalumbire. Agogo ndi amayi n'zosiyana, ngakhale ana a mimba imodzi amalira mayi wawo mosiyana. Nkhani imeneyo isunge, idzathandiza pakatha milungu iwiri kapena itatu, anthu onse atabalalika, iye atatsala yekha.

Yamikani: Ndamva amayi. Nanga "chifuniro cha Mulungu"? Mnzangayo ndi wopemphera, wa CCAP.

Bambo Mbewe: Apa anthu timasiyana, ndipo sindikakamiza. Ine ndimati mawu amenewo ndi a mwini maliro. Iye akanena kuti ndi chifuniro cha Mulungu, ndi chikhulupiriro chake, ndipo inu mukhoza kuvomereza. Koma akachokera kwa inu tsiku loyamba, amamveka ngati mukutseka nkhani. Ngakhale mawu a pa Yobu 1:21, amene anthu amakonda kulemba, muone kuti anawanena ndi Yobu mwini, wofedwayo, osati anzake obwera kudzamuona. Anzakewo chimene anachita bwino n'kukhala naye pansi masiku asanu ndi awiri osayankhula. Atayamba kufotokoza zifukwa ndi pamene anaononga.

Ngati mukufuna vesi, likhale limodzi, ndipo likhale lonena za wolirayo, monga Masalimo 34:18 kapena Mateyu 5:4. Lembani malo ake okha kapena mzere umodzi. Ulaliki alipo oti akalalike Lachinayi.

Mai a Tadala: Bambo Mbewe, ine apo ndikana pang'ono. Kumidzi kwathu kuno amayi akuluakulu akamapepesana amati "ndi njira ya tonse" kapena "Mulungu watenga wake", ndipo palibe amene amakhumudwa. Amatonthozeka nazo. Musatipangitse kuopa mawu athu omwe.

Bambo Mbewe: Zoona mayi, koma onani amene akunena ndi pamene akunenera. Ndi munthu wamkulu, amene iyenso anaikapo makolo, wakhala pamphasa, wagwira dzanja la namfedwa. Liwu lake ndi nkhope yake zimafewetsa mawuwo. Olembedwa alibe dzanja. Komanso imfa zimasiyana. Kwa gogo wa zaka 90 "Mulungu watenga wake" amalandirika. Kwa bambo amene wapita pangozi ya pamsewu m'mawa womwewo, ayi.

Mai a Tadala: Pangozi ndavomera. Koma apa anena kuti anadwala nthawi yaitali. Ine ndikanalemba kuti "apumula".

Anaphiri: "Apumula" ndi wokoma ngati wanena kale ndi mwini. Ena amamva ngati ukunena kuti "bola apita, mwapepukidwa", makamaka mwana amene amadwazika. Ndisiye pomwepo, aliyense amadziwa mnzake.

Hawa: Ndilowererepo pa za chipembedzo, chifukwa mawa wina alembera mnzake wachisilamu. Ife tikamva za imfa timati "Inna lillahi wa inna ilayhi raji'un", kutanthauza kuti ndife a Allah ndipo kwa Iye tidzabwerera. Ngati si inu Msilamu, simukukakamizidwa kulemba Chiarabu, ndipo kuchilemba mokhotakhota kuli bwino kuchisiya. Chichewa chikukwana: "Pepani ndi imfa ya bambo. Mulungu awakhululukire, awachitire chifundo, ndipo inu akupatseni kupirira." Kupempherera malemu chikhululuko kwa ife si kuwanyoza ayi, ndi mphatso yaikulu imene mungawapatse.

Chimene chimalakwika kawirikawiri ndi nthawi. Ife timaika msanga, tsiku lomwelo kapena mawa lake. Munthu amalemba madzulo kuti "tionana mawa kumanda" pamene janaza, mwambo wathu wa maliro, yachitika kale masana. Werengani bwino chilengezo musanalonjeze. Ngati mwachedwa, pitani kunyumba masiku atatu oyambawo, ndi pamene anthu amabwera kudzatonthoza.

Aphunzitsi Mwale: Zikomo achemwali. Ndiwonjezere mbali ina. "Mzimu wawo uuse mumtendere" timauyesa wa aliyense, koma si choncho. Kwa Akatolika uli bwino kwambiri, iwo amapempherera akufa, amapemphanso kuti Ambuye awapatse mpumulo wosatha. A Mboni za Yehova sakhulupirira kuti pali mzimu umene umatsala ndi moyo munthu akamwalira, ndipo a mpingo wa Sabata amati akufa ali m'tulo kudikira kuuka. Kwa onsewa "ali pamalo abwino" kapena "ali kumwamba akutiona" sizigwirizana ndi zimene amakhulupirira. Sadzakukalipirani, koma mawuwo sadzawatonthoza. Ngati simudziwa mpingo wa banjalo, lozani pemphero kwa amoyo: "Mulungu akutonthozeni inu ndi banja lonse." Limenelo limalowa nyumba iliyonse. Ngati mnzanuyo sapemphera n'komwe, "tili nanu limodzi pa nthawi yovutayi" akukwana.

Tiyamike: Ndiye RIP wanga uja mwamukana nonse?

Aphunzitsi Mwale: Sitinamukane, tamuika pamalo pake. Vuto lake ndi loti akulankhula ndi malemu, pamene wowerenga ndi wamoyo. Mulibe "pepani" m'menemo. Kwa munthu amene mumangodziwana patali, "Pepani ndi zovuta" ndi mawu atatu, sachedwetsa kuposa zilembo zija, koma akumveka kuti walemba ndi munthu. Kwa mnzanu weniweni, zilembo zokha zimaoneka ngati mwasaina kaundula.

Tiyamike: Komabe ine ndikuona kuti wofedwa sawerenga limodzilimodzi. Amangoona kuti anthu abwera ambiri.

Anaphiri: Tsiku loyamba n'zoona. Koma ambiri amabwereranso kukawerenga maliro atatha, usiku tulo tikakana. Pamenepo ndi pamene amaona amene analemba chiyani. N'chifukwa chake ndimati ngati malemuwo unawadziwa, tchula kanthu kamodzi koona. Kamodzi kokha. Osati "anali mayi wabwino", amenewo aliyense alemba. Nena chimene unaona: ankalandira alendo, ankaseka mokweza, ankaimba kwaya, sankalola mwana wa mnzawo kuchoka osadya. Mwana wawo akawerenga zimenezo amaona amayi ake, osati maliro okha. Ndipo ngati unkawadziwa ndi dzina la mfunda, kaya Anangozo kaya Anachisale, atchule choncho, ndi ulemu waukulu.

Yamikani, unawaonapo amayiwa?

Yamikani: Kamodzi kokha. Anabwera kutauni kudzaona adzukulu, tinapita kukawalonjera, anatipatsa mbatata yakachewere imene anachokera nayo kumudzi.

Anaphiri: Basi, chimenecho ndi chuma. Usawonjezere zoti anali ngati mayi ako, poti munaonana kamodzi ndipo mnzakoyo akudziwa. Bodza lokoma pamaliro limaonekera msanga.

Mai a Tadala: Koma "amayi athu" angalembe. Mayi wa mnzako ndi mayi ako, umenewo ndi mwambo, si bodza.

Aphunzitsi Mwale: Ndikugwirizana nazo, koma kwa amene anawaonapo kapena amene ubwenzi wake ndi wakuya. Wongodziwana naye pamsonkhano alembe "amayi anu".

Mai a Tadala: Ine ngakhale ameneyo sindingamuletse.

Bambo Mbewe: Chatsala ndi mzere womaliza, "ukafuna chilichonse undiuze". Aliyense amalemba, ndipo palibe wofedwa amene amaimba foni kudzatenga chilichonsecho. Mwamusiyira ntchito yoganiza ndi manyazi opempha. Nenani chinthu chimodzi chimene muchitedi, ndi tsiku lake. "Ndibwera kudzagona nanu Lachitatu." "Ntchito yanu ya sabata ino ndigwira ine." "Ndili ndi malo a anthu atatu m'galimoto." Ngati simupita, musalembe "tionana kumudzi" pofuna kukometsa, chifukwa adzakuyang'anani pagulu. Kungosalonjeza kanthu si mlandu.

Ndiye uthengawo uli ndi ziwalo zitatu basi: kupepesa motchula ubale, kutchula malemu mwaulemu, ndi pemphero kapena chochita chimodzi. Mizere iwiri kapena itatu. Mukaona kuti wadutsa mawu 40, ndiye kuti mwalowetsamo funso, ulaliki kapena nkhani yanu.

Madalitso wa ku Joni: Chabwino ndagonja pa za nambala. Koma kwa ife akutali, ndilembe chiyani poti kubwera sindingathe? Kunena kuti "ndili kutali" kumamveka ngati kudzikhululukira.

Bambo Mbewe: Musafotokoze za mapepala, za bwana kapena za mtengo wa basi. "Pepani achimwene, ndili kutali koma ndikulira nanu. Ndikuimbirani mukabwerera kuchokera kumudzi." Kenaka muimbedi. Chipepeso chipite kwa wolandira uja, ndipo ngati muli ndi m'bale pafupi, mutumeni akakhale pamaliro m'dzina lanu.

Hawa: Chenjezo limodzi kwa akutali ndi apafupi omwe. Zonse tikukambazi ndi za pamene mwini walengeza yekha. Ngati mwangomva mphekesera, musakhale woyamba kupepesa poyera. Pali mwana wina wa malemu amene mwina ali paulendo kapena ali pa mayeso, ndipo banja likufuna kumuuza mwa njira yake.

Anaphiri: Zoona mwanawanga. Kumudzi uthenga wa maliro uli ndi njira yake. Amayamba kuuzidwa ndi eni mbumba, kenaka amfumu, ndipo m'midzi yambiri anthu sayamba kulira mokweza amfumu asanamve. Foni yafupikitsa mtunda koma sinachotse mwambowo. Ndiponso osatenga chithunzi cha malemu ali pabedi la kuchipatala kapena ali m'bokosi n'kuphatikiza pa mawu ako. Ngakhale chithunzi chabwino, siyira ana awo asankhe.

Chifundo: Pepani ndalowa mochedwa. Funso langa n'losiyana pang'ono. Mnzanga bambo ake anamwalira milungu itatu yapitayo, ine ndaona dzulo. Ndilembebe kapena ndingokhala chete, ndisamukumbutse?

Anaphiri: Lemba lero. Sungamukumbutse chinthu chimene sanaiwale. Koma mulembere iye yekha, ndipo usataye mizere pofotokoza chifukwa chimene unachedwera. "Ndangomva kumene za imfa ya bambo. Pepani kwambiri achemwali. Ndingabwere Loweruka kudzakuonani?" Apa funso ndi lololedwa, chifukwa piringupiringu watha ndipo ukupempha khomo, sukufunsa matenda. Ukapita, kanthu kam'manja, kaya shuga kaya sopo.

Chifundo: Nanga ngati iye ndi bambo akewo sankagwirizana? Anawasiya ali ang'ono.

Bambo Mbewe: Pamenepo siyani kuyamikira malemu, ndipo musakhudzenso za kusagwirizanako. "Mwataya mzati wa banja" angamupweteke kapena kumukwiyitsa. Lankhulani za iye: "Pepani ndi zovutazi, ndikukuganizirani." Akafuna kutsegula nkhaniyo atsegula yekha.

Yamikani: Ndalembanso. Onani:

"Pepani kwambiri achimwene anga pa kutisiya kwa amayi. Sindidzaiwala mmene anatilandirira tsiku lija ndi mbatata ya kumudzi. Mulungu akutonthozeni inu ndi banja lonse. Ndifika Lachitatu madzulo kudzachezera nanu."

Aphunzitsi Mwale: Chichewa chili bwino. "Pa kutisiya kwa amayi" akulemera pang'ono pakamwa. Ndikanati "Pepani kwambiri achimwene anga, tamva kuti amayi atisiya." Koma zimenezo n'zokonda zanga.

Mai a Tadala: Ine ndikanawonjezera "mzimu wawo uuse mumtendere" kumapeto. Popanda amenewo ndikuona ngati chipepeso sichinathe.

Bambo Mbewe: Akhoza, malo alipo, koma asankhe limodzi pakati pa limeneli ndi la chitonthozo lija kuti asachulukitse mapemphero. A Yamikani, Lachitatulo mwapempha kale kuntchito? Poti nonse ndi a ofesi imodzi, sangakuloleni kuchoka onse.

Yamikani: Sindinapemphe. Ndipite kwa abwana kaye.

Bambo Mbewe: Tumizani mizere itatu yoyambayo panopa, asafike madzulo asanamve kwa inu. Wa Lachitatuwo mumulembere kumbali abwana akavomera, ndipo mufunsenso ngati akuchezera kutauni kapena thupi likhala litanyamuka kale kupita ku Ntcheu.